Mizati iwiri ya nyuzileta ikakana kufanana

Anzanga okonza nyuzileta mu Word, lekani kudina Enter kambirimbiri pofuna kuti mizati iwiri ithere pamodzi. Mukangowonjezera mawu amodzi pamwamba, mpata wonse umasokonekera.

Ikani kasala kumapeto kwa mawu omaliza a nkhaniyo, pitani ku Layout, Breaks, musankhe Continuous. Word imagawa yokha mizere mofanana mbali zonse ziwiri.

Koma mutu waung'ono ukatsalira wokha pansi pa mzati woyamba, ikani kasala kutsogolo kwake ndi kudina Ctrl+Shift+Enter kuti muike Column Break, mutuwo udumphire ku mzati wachiwiri. Chitani izi pomaliza, mutamaliza kukonza mawu. Mpata ukakhalapobe, dinani Ctrl+Shift+8 kuti muone zizindikiro zobisika. Nthawi zambiri mupeza Column Break yakale itabisala pamenepo. Ifufuteni.