Pogawana ku banki mkhonde, werengani za m'bokosi osati za m'kope

Disembala uno ndakhala nawo pa mphasa magulu angapo a banki mkhonde akugawana, ndipo vuto limodzi lomwelo ndakumana nalo kangapo mpaka landitopetsa. Mlembi amatsegula kope n'kulengeza kuti gulu lili ndi ndalama zakuti, anthu n'kululutira, koma bokosi likatsegulidwa ndalamazo sizikukwana. Nthawi zambiri palibe amene waba. Mlembi wangophatikiza ndalama zimene zili m'bokosi ndi ngongole zimene zikadali m'matumba mwa anthu, n'kuzitcha chuma cha gulu.

Nditenge gulu limodzi la kuno ku Ntcheu. Lili ndi anthu 20, sheya imodzi ndi K1,000, ndipo chaka chonse anagula masheya 2,400. Chiwongoladzanja chawo ndi 20 peresenti pamwezi. Tsiku logawana mlembi anati chuma chonse ndi K3,600,000, choncho sheya iliyonse ituluka pa K1,500. Masamu akewo sanaphonye. Koma owerenga ndalama atayala makwacha pa chitenje anapeza K2,880,000 basi. K720,000 yotsalayo inali ngongole za anthu anayi, amene atatu mwa iwo tsikulo anabwera chimanjamanja, ndipo mmodzi sanabwere n'komwe.

Akomiti anati vuto palibe, angongolewo tiwalanda masheya awo. Anayiwo anali ndi masheya 320, amene pa K1,500 amakwana K480,000. Ngongole ndi K720,000. Apa pali dzenje la K240,000 limene palibe analiona, chifukwa aliyense maso anali pa mulu wa ndalama. Anayamba kuitana mayina monga alili m'kope, aliyense kulandira pa K1,500, kumanga pa chitenje, ena mpaka kutsanzika kuti akagule feteleza sitolo isanatsekedwe. Atafika pa amayi awiri omaliza, bokosi linali mbee. Wina anali ndi masheya 90, wina 70. Chaka chonse osaphonya msonkhano, osakongola, koma anabwerera kunyumba ndi kabuku kodzaza zidindo.

Ndinawaona mayi wa masheya 70 aja akutembenuza kabuku kawo tsamba ndi tsamba, ngati mwina ndalama zabisala pakati. Sanalankhule. Amayembekeza K105,000 yoti agulire feteleza wobereketsa, yotsala ikhale poyambira fizi ya mwana mu Januwale. Chimanga sichidikira kuti gulu lithetse mlandu. Milungu iwiri kapena itatu ikadutsa chili chachikasu, ndiye kuti zimene mwataya mudzaziona ku nkhokwe mu Meyi. Ndipo munthu wotere kumene amathawira ndi kwa akatapira, malo omwewo amene analowera m'gulu kuti asamapiteko.

Dzenjeli silikumbidwa tsiku logawana. Limayamba pakati pa chaka, ndi chizolowezi chimene ambiri mumachitcha kutembenuza ngongole. Munthu wakongola K100,000 mu Meyi. Juni wafika, alibe. M'malo moti gulu limufunse, mlembi amangolemba K120,000 ngati ngongole yatsopano. Julayi ikhala K144,000, Ogasiti K172,800, ndipo pofika Novembala yafika K298,598. M'bokosi munatuluka K100,000 yokha. K198,598 inayo sinakhalepo ndalama yoti munthu n'kuigwira, inabadwira m'kope ndipo imakulira momwemo. Koma mwezi ndi mwezi imawerengedwa ngati phindu, anthu n'kumawomba m'manja kuti gulu lathu likulemera.

Bambo wina wolima tomato anandikokera pambali titatha msonkhano. Iye ndi mmodzi mwa anayi aja.

"A Mlangizi, ine sindinathawe ngongole ayi. Ndinatenga ndalama ndikugula mankhwala ndi kulipira aganyu kudimba. Tomato anacha nthawi imodzi ndi wa aliyense, pamsewu mabeseni ali mbwee, mavenda akutchula okha mtengo. Ndinabwera ku gulu ndi K40,000 kuti ndichepetseko. Alembi anandiuza kuti achimwene, theka sitilandira, bwererani nazo, titembenuza mudzabweza zonse pamodzi. Ndalama ija inathera pamaliro a apongozi."

Ndinamufunsa ngati ankadziwa kuti ngongole yake yafika pati. Anati waimva lero lomwe, pamodzi ndi anthu onse. M'kabuku kake tsamba la ngongole linali ndi mzere umodzi wokha, wa tsiku limene anakongola. Zina zonse zinali m'kope la mlembi, ndipo kopelo limagona kunyumba kwa mlembi, osati m'bokosi.

Apa ndiye pamene ndimapsa mtima. Kukana K40,000 ya m'manja chifukwa choti kuchotsera n'kovuta kulemba! Mlembi amene akuopa kuchotsera angatani ndi kugawa? Ndipo ena sikuti amaopa masamu. Amakonda kuti ngongole ikule, poganiza kuti ikakula nawonso phindu lawo likula. Iwalani zimenezo. Munthu amene walephera kubweza K120,000 mu Juni sadzapeza K300,000 mu Novembala, mwezi umene aliyense ndalama zake zili kumunda ndipo ufa wayamba kuchepa m'nyumba. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Palinso manyazi. Wangongoleyo ndi mlamu wa wapampando, kapena ndi mayi a kutchalitchi, ndiye palibe amene akufuna kutchula dzina lake pagulu. Mumanong'onezana pobwerera kunyumba, koma pamsonkhano muli chete. Njira ya banki mkhondeyi pamene bungwe la CARE linkaiyambitsa ku Niger mu 1991, inali ya amayi akumudzi amene ambiri sankalemba n'komwe, ndipo mphamvu yake inali yoti chilichonse chichitikire pamaso pa onse. Maloko atatu ndi makiyi kwa anthu atatu osiyana cholinga chake n'chomwecho. Ife tasunga maloko, koma ngongole tazisandutsa chinsinsi cha mlembi ndi wokongola.

Gulu lija likanagawa bwanji? Masheya 320 a angongole amafufutidwa pamtengo umene anagulira, K1,000 imodzi, ndiye kuti K320,000 yachoka pangongole zawo. Poti aliyense mwa anayiwo ngongole yake inaposa masheya ake, onse afufutidwa ndipo patsala masheya 2,080. Mutenge K2,880,000 imene ili pa chitenje, mugawe ndi 2,080. Sheya ikutuluka pa K1,384, n'kutsala K1,280 yoti n'kugulira kope latsopano. Munthu wa masheya 130 akanalandira K179,920 m'malo mwa K195,000. Wachepekedwa ndi K15,080, zowawa ndithu, koma ululuwo wagawidwa kwa anthu 16 molingana ndi masheya awo, osati kuunjikidwa pamutu pa amayi awiri chifukwa choti mayina awo ali kumapeto kwa kope. K400,000 imene angongole atsala nayo ilembedwe patsamba lakelake pamodzi ndi mayina a anthu 16 aja ndi masheya awo. Ikamabwera, kaya ndi pang'onopang'ono, izigawidwa kwa iwowo, isalowe m'bokosi la chaka chatsopano mmene mwalowa anthu ena amene sanaivutikire.

Nditafotokoza izi ena anati ndiye kuti angongole apepukidwa. Sanapepukidwe. Masheya awo apita, phindu la chaka sanalawe, ndipo ngongole ikadali pakhosi. Chimene chasintha n'choti gulu lasiya kugawana ndalama zimene lilibe.

Zimene zinatsatira m'mudzi muja sindizikonda kuzikamba. Anyamata anatumidwa kukagwira mbuzi kwa bambo wa tomato, ena ankanena zokasasula malata. Nkhani inakathera kwa amfumu. Mbuzi yogulitsa mokakamizidwa mu Disembala, aliyense akudziwa kuti mwapanikizika, siigulidwa pamtengo wake. Amene analandira kale pa K1,500 atauzidwa kuti abwezeko K116 pa sheya, ambiri anati ndalama zapita kale ku feteleza, ndipo sankanama. Pamene ndinkachoka, anthu asanu anali atanena kuti chaka chamawa salowanso.

Mungadziwe msanga kuti gulu lanu likulowera komweko. Ngati mlembi akulengeza chuma chokwera mwezi uliwonse koma ofuna kukongola akuuzidwa kuti lero m'bokosi mulibe kanthu, ndalama zanu zili papepala. Ngati mayina omwewo akuoneka patsamba la ngongole miyezi inayi yotsatizana popanda ndalama yolowa pambali pake, chimodzimodzi. Ndipo funsani anthu atatu mwachisawawa kuti msonkhano watha munatseka bokosi muli zingati. Akayankha zosiyana, kapena akati afunseni alembi, pali ntchito.

Zoyenera kuchita mukuzidziwa kale, ndingokumbutsa mwachangu. Pamsonkhano uliwonse mlembi alengeze manambala awiri osiyana, ndalama zimene zawerengedwa m'bokosi ndi ngongole zimene zili kunja, dzina ndi dzina, ndipo asaziphatikize. Ndalama zotsegulira, kuphatikiza masheya, zobweza ndi zindapusa za tsikulo, kuchotsa ngongole zatsopano, zifanane ndi zimene owerenga apeza bokosi lisanatsekedwe. Zikasiyana ngakhale ndi K500, musabalalike. Wobweza theka mulandireni, mulembe m'kabuku kake ndi m'kope, asayine kapena adinde chala. Munthu asakongole zoposa katatu masheya ake, ngongole isapitirire miyezi itatu, ndipo malamulo anu anene mwezi umene ngongole yokanika imasiya kubereka chiwongoladzanja. Ngati mumagawana mu Disembala, ngongole zomaliza zituluke mu Seputembala, Okutobala ndi Novembala ikhale miyezi yotolera. Thumba la zadzidzidzi lisalowe m'masamu a masheya. Amene mumasunga zina pa Airtel Money kapena Mpamba, katapeni tsiku logawana lisanafike, chifukwa potapa pamadulidwa kenakake ndipo nambala ya pafoni si imene ifike pa chitenje.

Tsiku lenilenilo, ndalama za munthu aliyense ziikidwe pa kabuku kake pamphasa, milu yonse ioneke, bokosi litsale lopanda kanthu, kenako ndiye woyamba atole zake. Gulu lija ndikukakumana nalonso sabata yamawa kwa amfumu, kope ndi timabuku tonse 20 tili pamodzi, kuti tione ngati amayi awiri aja angapezeko kanthu chimanga chisanamasule.