Pampu ya sola sagula poona nambala yaikulu ya pa katoni

Chilimwe chino, m'madimba a m'mbali mwa Likangala ndi cha ku Thondwe, ndaona tomato akufota masana pomwe pambali pake pali mapanelo atsopano akunyezimira. Pampu ikulira bwinobwino, koma kumapeto kwa paipi madzi akungochucha pang'onopang'ono. Eni ake akuti anawagulitsa pampu yabodza. Zambiri mwa pampuzi n'zabwinobwino. Chalakwika n'chakuti munthu anawerenga manambala awiri a pa katoni n'kuganiza kuti adzalandira onse awiri nthawi imodzi.

Pa katoni kapena pa kachitsulo ka pampu pamalembedwa Hmax, kutalika komalizira kumene pampu ingakweze madzi, ndi Qmax, madzi ochuluka kwambiri amene ingatulutse. Tinene kuti Hmax ndi mamita 25, Qmax ndi malita 3,000 pa ola. Malita 3,000 amenewo amatuluka pokhapokha pampu ikutaya madzi pomwepo, osawakweza paliponse. Ikafika pa mamita 25, madzi amangoima m'paipi, satuluka ngakhale dontho. Pakati pa ziwirizi, mukamakweza madzi, otuluka amachepa. Wakabaza amathamanga pa chigwa cha ku Jali, ndipo akhoza kukwera msewu wa ku Chawe, koma simungamuuze kuti akwere ku Chawe pa liwiro la ku Jali. Wogulitsa sakuuzani zimenezi chifukwa inu simunafunse. Mwangofunsa kuti, "Yamphamvu ndi iti?"

Bambo wina wa ku Thondwe ali ndi dimba la kota ya ekala, pafupifupi masikweya mita 1,000, ndipo anabzalamo tomato. Anagula pampu ya manambala omwe ndatchulawa. Nditamufunsa kuti madzi akukwera mamita angati, anandiyankha kuti, "Alangizi, chitsimechi n'chachifupi, madzi ndimatunga ndi chingwe cha mamita 4." Mamita 4 amenewo anayeza mu Julayi, m'mawa, asanatunge. Mu Okutobala, pampu ikakoka kwa ola limodzi, madzi amakhala atatsika kufika pa mamita 7. Kuchokera pakamwa pa chitsime kukafika pomwe pali thanki, mtunda wakwera mamita 8, ngakhale kuti ndi maso umaoneka ngati wosakwera kwenikweni. Thanki yenyenyo ili pa nsanja ya mamita 3. Kuphatikiza zonse ndi mamita 18, osati 4.

Ndiye pali paipi. Apa mpamene ndimatopa napo, chifukwa chaka ndi chaka nkhani ndi yomweyi. Munthu watulutsa ndalama zambiri kugula pampu ndi mapanelo, koma pofika pa paipi akuti tisunge ndalama, n'kugula kakang'ono ka mamilimita 20 m'kati, kotalika mamita 100. Madzi akamapanikizika m'paipi yopapatiza amakhulana ndi makoma ake, ndipo pampu imamva ngati phiri lawonjezeka. Kukankha malita 2,000 pa ola m'paipi yotereyi kumawonjezera pafupifupi mamita 20 pa mamita 100 alionse. Paipi yakuda ya mamilimita 32 imangowonjezera mamita 4 kapena kuchepera apo. Bamboyu ndi kapaipi kake ankafuna pampu ya mamita 25 ichite ntchito ya mamita 38.

Tinaika ndowa ya malita 20 pakamwa pa paipi, pa thanki penipeni, dzuwa lili paliwombo. Inatenga mphindi ziwiri kuti idzaze. Ndiye kuti malita 600 pa ola. Iye sanadandaule nthawi yomweyo, anati dzuwa limatuluka 6 koloko n'kulowa 6 koloko, maola 12 akwana. Ayi ndithu. Dzuwa la m'mamawa ndi la madzulo limangozungulitsa pampu popanda mphamvu yokweza madzi mamita 18. Mukaphatikiza tsiku lonse, dzuwa lokoka madzi mokwanira limakwana maola 5, mwina 6 kukacha bwino. Mu Juni ndi Julayi mitambo ya chiperoni imadula maola amenewa, mu Sepitembala utsi wa moto wolusa ndi fumbi la pa mapanelo zimadulanso. Amene muli m'tsinde mwa phiri la Zomba, kumbali ya Domasi ndi Malosa, mukudziwa kuti dzuwa limabisala msanga madzulo, ndipo a ku Chingale limawapeza mochedwerapo m'mawa. Choncho malita 600 kuchulukitsa ndi maola 5, bamboyu ankapeza malita 3,000 pa tsiku.

Nanga tomato ankafuna angati? M'miyezi yotentha, tomato wamkulu amene wayamba maluwa ndi zipatso amamwa pafupifupi mamilimita 6 a madzi pa tsiku. Milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi, ndiye dimba lonse likufuna malita 6,000. Koma iye amathirira m'ngalande, ndipo kumeneko madzi ambiri amalowa pansi kapena kuuma asanafike pa mizu, moti pa thanki payenera kufika malita ngati 10,000. Ankapeza osakwana gawo limodzi mwa magawo atatu.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Mbande zili zazing'ono mu Ogasiti, madziwo ankakwana, ndipo aliyense wodutsa ankayamikira. Vuto linabwera pa nthawi yomwe feteleza wathiridwa kale, mankhwala agulidwa, mitengo yochirikizira tomato yaimikidwa. Maluwa anayamba kuyoyoka. Zipatso zina zinada kunsi n'kuwola, zomwe zimachitika tomato akamalandira madzi lero ambiri, mawa ochepa. Anasiya theka la dimba kuti apulumutse theka linalo, ndipo amayi ndi ana anabwerera ku makheni omwe pampu inagulidwa kuti awapumitse. Atafuna kubweza pampu, wogulitsa anaiyika m'mgolo wa madzi pakhonde la sitolo, inatulutsa madzi ochuluka anthu akuona, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chinanso chimene anthu amathamangira ndi kuwonjezera panelo. Ngati pampu ikulandira kale magetsi ake okwanira masana, panelo yowonjezera imangothandiza kuti iyambe msanga n'kuleka mochedwerapo, koma Hmax yake sisintha. Mukalumikizanso molakwika n'kupitirira mavoti olembedwa pa kabokosi koyendetsa pampuyo, mwawotcha.

Bamboyu akanagawa malita 10,000 ndi maola 5, akanapeza malita 2,000 pa ola, kutanthauza ndowa kudzaza m'masekondi 36. Mamita 18 kuphatikiza 4 a paipi ya mamilimita 32 ndi mamita 22. Funso la ku sitolo likanakhala limodzi: pampu iyi imatulutsa malita angati pa ola pa mamita 22? Yankho lili pa tebulo kapena pa mzere wopindika wojambulidwa m'kabuku ka pampuyo. Wogulitsa akalephera kukuonetsani, tulukani. Kawirikawiri mudzapeza kuti ikufunika ya Hmax ya mamita 35 kapena 40, ya mawati ngati 300, ndi mapanelo okwana mawati 400 kapena kuposerapo pang'ono.

Zotsalazi mwachidule. Yezani madzi a m'chitsime mu Okutobala mutatunga kale, ndipo onani ngati chitsimecho chingapereke malita amenewo pa tsiku, chifukwa pampu yozungulira popanda madzi imapsa. Mtunda yezani ndi kapaipi koonekera m'kati ka amisiri omanga nyumba ndi ndodo ya mamita 2, pang'onopang'ono mpaka pa thanki. Madzi akakhala pansi kupitirira mamita 6 kapena 7, pampu yokhala kumtunda siyamwa, gulani yomiza. Mapanelo ayang'ane kumpoto, opendekeka madigiri ngati 15, ndipo muziwapukuta. Amene mwagula kale, yambani mwasintha paipi ndi kutsitsa thanki, muyezenso ndi ndowa, kenako mubzale malo olingana ndi madzi amene mwapezawo.