Momwe mungayimikire mawindo ndi makonde a nyumba yosanja pamzere umodzi

Ku Ulongwe, ku Moatize ngakhale mumzinda wa Tete nyumba zosanja zikuchuluka, ndipo zambiri zimamangidwa pang'onopang'ono: chaka chino pansi, chaka chamawa pamwamba, mmisirinso atasintha. Mukaima tsidya la msewu mumaona windo lapamwamba litasunthira kumanja, khonde lina litatulukira kunja kuposa anzake. Pafupifupi nthawi zonse gwero lake limakhala limodzi: pansanja iliyonse mmisiri anayeza kuchokera pa chimene anachipeza pomwepo, pakona ya khoma kapena pasilabu. Konayo ikapendekeka ndi sentimita imodzi ndi theka pansanja iliyonse, pofika nsanja yachinayi mwataya masentimita oposa 4, ndipo diso limaona.

Mankhwala ake ndi kusankha poyambira pamodzi pansi, n'kumakwera napo mpaka kudenga. Titenge nyumba ya nsanja zinayi, pansi powerengera, yomwe kumaso kwake ndi mamita 15.60 kuchokera pakati pa pilala loyamba mpaka pakati pa lomaliza. Mapilala ndi asanu, otalikirana masentimita 390. Mipata iwiri yam'mphepete ili ndi mawindo, iwiri yapakati ili ndi zitseko zotulukira pakhonde.

Yambani ndi kupeza pakati pa windo kapena chitseko chilichonse, osati m'mphepete mwake. Kolani tepi yaitali yachitsulo pakati pa pilala loyamba, ndipo musaichotse mpaka mutalemba malo onse anayi: masentimita 195, 585, 975 ndi 1365. Musayeze 390 n'kusuntha tepi, 390 ina n'kusunthanso, chifukwa kakulakwa ka muyeso woyamba kamasenzedwa ndi wachiwiri mpaka kumapeto. Malo anayiwa alembeni pa konkire ya maziko ndi penti ndi msomali wachitsulo. Choko chimafufutika ndi mvula yoyamba. Ngati felemu la windo ndi la masentimita 150 m'lifupi, siyani mpata wa 152, kutanthauza 76 uku ndi uku kuchokera pamsomali.

Tsopano nkhani ndi kukweza mizereyi. Silabu yatsopano ikauma, khomani thabwa lotulukira kunja pang'ono, mutsitsirepo chingwe chomangirira chitsulo cholemera, purumo uja, mpaka pansi. Wina aime pansi, wina pamwamba azisuntha chingwe kufikira chitsulo chitaloza msomali wa pamaziko. Apo ndiye lembani pasilabu. Nthawi zonse muzitsitsa mpaka pamaziko, ngakhale muli pansanja yachinayi, osati pa windo lomwe lili pansi panu.

Chingwe cha mamita 9 chimavina mumphepo, makamaka mwera ukamaomba mu Juni ndi Julayi kuno ku Angoniya. Ndiye chitani ntchitoyi m'mamawa kusanayambe kuomba. Zikavutabe, khomani zizindikiro zothandizira masentimita 30 kunja kwa khoma moyang'anizana ndi misomali ija, muviike chitsulocho mundowa ya madzi kuti chikhazikike, n'kumayeza kuchokera pachingwe.

Kutalika kuli ndi msampha wakewake. Silabu siikhala yosalala. Ngodya ina imakwera, ina imatsika. Mukayeza masentimita 90 kuchokera pasilabu pa windo lililonse, mawindowo atsatira mapiri ndi zigwa za silabuyo. M'malo mwake jambulani mzere pa msinkhu wa mita imodzi pamapilala onse pogwiritsa ntchito paipi yoonekera mkati yodzaza madzi. Mita imeneyi iwerengedwe kuchokera pamene padzathere matailosi. Ngati simenti yosalazira pansi ndi matailosi zidzadya masentimita 5, mzerewo ukhala pafupifupi masentimita 105 pamwamba pa silabu yosamaliza. Zikatero zonse zimaphweka: pansi pa windo ndi masentimita 10 kunsi kwa mzere, pamwamba pa windo la msinkhu wa masentimita 120 ndi 110 kumtunda kwa mzere. Chitseko cha khonde cha masentimita 210 chimatheranso pomwepo, choncho malintala onse amakhala pamzere umodzi. Dulani ndodo yowongoka, mulembepo miyeso itatuyi, ndipo mmisiri aliyense azigwiritsa ntchito ndodo yomweyo.

Paipi ija muisamale. Tulutsani thovu lonse, kenaka gundanitsani nsonga zake ziwiri muone ngati madzi afanana. Ndi dzuwa la ku Tete la mu Okutobala, paipi ikakhala theka padzuwa theka pamthunzi imanama, chifukwa madzi otentha amafufuma. Pokweza mzerewu kunsanja zina, dutsitsani tepi pampata wa masitepe kuchokera pamzere wapansi: mamita 3, 6 ndi 9, ngati nsanja iliyonse ndi ya mamita atatu.

Izi ndinaziphunzira ndi misozi. Pa nyumba ina ku Ulongwe tinamaliza pulasitala, n'kuchotsa mitengo yokwerapo madzulo dzuwa litapendeka. Mwini nyumba, bambo wachikulire, anaima m'mphepete mwa msewu nthawi yaitali manja ali kumbuyo, kenaka anati, “Amisiri, tabwerani muime pamene ndaima inepa.” Mthunzi wa khonde lachitatu unkagwa mopingasa pa khoma. Titayeza tinapeza kuti mbali imodzi latuluka masentimita 124, mbali ina 119. Akalipentala anayeza kuchokera pa mabuloko a khoma, pomwe khomalo linali ndi mimba.

Ndiye pa makonde musadalire khoma. Pangodya ziwiri zakunja za khonde loyamba tsitsani chingwe mpaka pansi, mukhome zikhomo mukonkire. Khonde lililonse lapamwamba, matabwa ake am'mphepete ayimikidwe molingana ndi zikhomo zimenezo musanathire konkire. Makonde awiri a nsanja imodzi alumikizeni ndi chingwe chokoka mwamphamvu kuti milomo yawo ikhale pamzere umodzi. Thabwa lam'mphepete likhale la msinkhu umodzi pansanja zonse, chifukwa mlomo wina ukakhala masentimita 15 wina 18, zimaoneka ngakhale muli patali. Kutsetsereka kwa madzi, masentimita awiri pa khonde la 120, kupangidwe pamwamba, kunsi kukhale kwa levulo. Kunsi kwa mlomo siyani kangalande kakang'ono kodonthetsa madzi. Popanda iko mvula imabwerera kukhoma n'kujambula mizere yakuda.

Khonde lotulukira kunja lopanda pilala limagwiridwa ndi zitsulo zapamwamba pa silabu. Anyamata akaziponda pothira konkire n'kuzitsitsa, kapena mukachotsa mitengo yochirikiza msanga, mlomo wa khonde umawerama. Pamenepo nkhani yasiya kukhala ya maonekedwe, ndi ya moyo wa anthu. Kukula kwa zitsulo ndi tsiku lochotsa mitengo anene ndi injiniya, ndipo mukaona mng'alu pamwamba pa khonde m'mbali mwa khoma, muitaneni musanaphimbe ndi matailosi.

Zitsulo zotchinga khonde zipangidwe zonse ndi wowotcherera mmodzi pa chikombole chimodzi, msinkhu masentimita 110, mipata yosapitirira 10 kuti mutu wa mwana usalowe. Mafelemu a mawindo nawonso muitanitse onse pamodzi, ngakhale nsanja zapamwamba mudzamange chaka chamawa.

Musanayambe pulasitala, tsitsani zingwe m'mbali zonse ziwiri za mzere uliwonse wa mawindo, kuchokera pamwamba mpaka pansi, muyeze mpata wa pakati pa chingwe ndi buloko pansanja iliyonse. Kusiyana kwa sentimita imodzi pulasitala amakonza. Kukafika masentimita atatu kapena kuposa, gumulani mbali ya mpatawo mumangenso, chifukwa pulasitala wonenepa chotero amang'ambika ndi kugwa. Lintala ikakhala kuti yatsamira masentimita osachepera 20 mbali zonse, kusuntha mpatawo pang'ono sikuvuta. Ikakhala yofupika, ndiye kuti nayonso iyenera kuthiridwanso.