Yankho lanu lioneke m'ndime yoyamba ya chimangirizo

Kwathu munthu safika pakhomo n'kuyamba ndi chimene wadzera. Amalonjera kaye, nkhani imabwera pambuyo. Ambirife tikayamba sukulu ku Mangalande kapena ku Joni timalemba chimodzimodzi: tsamba lonse kufotokoza kuti sosholoje n'chiyani, yankho n'kulisungira kumapeto. Malikisi amathera pamenepo, chifukwa wochonga amafuna adziwe msanga mbali imene mwaima.

Tiyerekeze kuti funso ndi lakuti: kodi kudziwana ndi anthu kumathandiza obwera kuchokera kumayiko ena kupeza ntchito? Ngati chimangirizo chonse n'cha mawu 2,000, mawu oyamba akhale pafupifupi 200.

Yambani ndi mkangano wa akatswiri. Mu 1973 Mark Granovetter anaonetsa kuti uthenga wa ntchito umabwera kawirikawiri kudzera mwa anthu ongodziwana nawo patali, chifukwa abale ndi anzathu apamtima amadziwa zomwe ifenso tikudziwa kale. Mu 1998 Alejandro Portes anachenjeza kuti gulu logwirizana kwambiri limathanso kulepheretsa anthu ake kupita patsogolo. Ziganizo ziwirizi zakwana. Zina zonse za akatswiriwa zidikire m'kati mwa chimangirizo.

Kenako pabwere chiganizo chonyamula mfundo yanu, chimene aphunzitsi amachitcha thesisi. Ambiri amalemba kuti: "Chimangirizochi chiona ubwino ndi kuipa kwa kudziwana ndi anthu." Apa simunayankhe, mwangolengeza mutu. Muyeso wake ndi uwu: kodi munthu wanzeru angakutsutseni? Ngati palibe chotsutsa, ndiye kuti simunanene kanthu.

Tsono onani ichi: "Kudalira anthu akumudzi kumathandiza wobwera kumene kupeza ntchito yoyamba msanga, koma kumamusunga m'ntchito za malipiro ochepa, chifukwa uthenga umene umazungulira m'gululo ndi wa ntchito zomwezo." M'chiganizochi muli anthu amene mukunena, muli chimene chikuchitika, mulinso chifukwa chake. Liwu lakuti "chifukwa" ndi limene ndimaliyang'ana poyamba, popeza sosholoje imafunsa chimene chikuchititsa zinthu pakati pa anthu, osati khalidwe la munthu mmodzi. Mukalemba kuti obwera sakwera chifukwa cha ulesi, mwatuluka m'phunziroli.

Nkhaniyi ambirife tinaiona ndi maso, mwina ntchito yoyamba anatipezera ndi msuweni kapena mnzathu wa kutchalitchi. Zimenezo zikuthandizeni kuganiza, koma umboni uchokere m'zimene mwawerenga. Pewaninso mawu ngati "onse" ndi "nthawi zonse", chifukwa chitsanzo chimodzi chotsutsa chimagwetsa mfundo yonse.

Tsekani ndimeyo ndi chiganizo chonena njira: muyamba ndi Granovetter, kenako Portes, kenako umboni wa dziko limene mwasankha. Mukamaliza chimangirizo chonse, bwererani ku thesisi ija muiyerekeze ndi ndime yomaliza. Nthawi zambiri maganizo amakhala atasuntha polemba, ndipo zikasiyana, yokonza ndi ndime yoyambayo.