Momwe mungalimire ndiwo zamasamba m'masaka pakhomo popanda malo komanso madzi ali ovuta

Ine ndimakhala nyumba ya lendi ku Kawale, bwalo lake ndi laling'ono ndipo theka lake ndi simenti, mpopi ndi umodzi wa mabanja atatu ndiye ukauma timakatunga pa kiyosiki ndi zigubu. Koma kuseri kwa nyumba ndili ndi masaka anayi a masamba, ndipo repu ndi mpiru ndinasiya kugula kumsika. Anthu akabwera amafunsa kuti mumatani, ndiye ndati ndingolemba zonse apa.

Choyamba yang'anani dzuwa musanagule kanthu kalikonse. Masamba amafuna dzuwa maola 5 kapena 6 patsiku, ndipo la m'mawa ndiye labwino. Khoma loyang'ana kumadzulo lija limatentha ngati mbaula masana a Okutobala, mukatsamiritsa thumba pamenepo lidzamwa madzi kawiri kuposa anzake. Ubwino wa masaka ndi woti alandilodi sangadandaule kuti mwakumba bwalo lawo.

Masaka ake ndi omwe aja a 50 kg a chimanga kapena a feteleza, ingochapani. Kumsika amagulitsa akalekale motchipa koma musangotola, likokeni kaye ndi manja awiri, likamachita fumbi loyera kapena kung'ambika ngati pepala ndiye kuti lapsa ndi dzuwa, limenelo lidzaphulika dothi lili mkati. Ndi bwino kuwonjezera pang'ono ndalama mutenge lolimba, kapena pemphani kwa achibale akumudzi omwe amakhala nawo ambiri akamaliza kuthira feteleza.

Dothi sakanizani chonchi: ndowa ziwiri za dothi lapamwamba lakuda, ndowa imodzi ya manyowa. Ngati dothi lanu ndi katondo wofiira uja kapena makande omata, onjezerani theka la ndowa ya mchenga wa kumtsinje kuti madzi azidutsa. Manyowa akhale owolerana, akuda, osatentha mukalowetsa dzanja, osanunkha. Samalani ndi anyamata oyenda ndi manyowa a nkhuku pa njinga, ambiri amangokolopa khola dzulo lake n'kudzaza thumba ndi utuchi, manyowa enieni pang'ono. Aawisi choncho amawotcha mbande. Mukagula otere aunjikeni pakona, muwanyowetse, muwafunditse, muziwatembenuza, adikire mwezi ndi theka kapena iwiri.

Podzaza thumba pali kanzeru kamodzi komwe kamapulumutsa madzi. Pezani chitini chachikulu, chotsani pansi pake chikhale chobooka mbali zonse ziwiri. Pindani thumba m'mphepete likhale lalifupi, ikani dothi pang'ono pansi, imikani chitini pakati, dzazani miyala ing'onoing'ono mkati mwa chitinimo, kwale wotsala pomwe akumanga nyumba amachita bwino, dothi lija muzithira kunja mozungulira. Mukafika pakamwa pa chitini chikokereni m'mwamba, miyala itsala, mubwerezenso mpaka thumba lidzadze. Mapeto ake mukhala ndi mzati wa miyala pakati kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndipo madzi mukathira pamiyalapo amatsika n'kufalikira mbali zonse. Popanda miyala madzi amangonyowetsa pamwamba, mbewu za m'munsi zimafota. Dzazirani pomwe thumbalo lidzakhale chifukwa likadzadza simungalinyamule.

Kenako boolani ndi mpeni timabowo m'mbali, kuti mulowe chala chachikulu basi, motalikana ngati chikhatho chotambasula, masentimita 15 mpaka 20, mzere wachiwiri ulowe pakati pa mabowo a mzere woyamba. Pansi penipeni siyani kadanga kuti masamba asamagwe m'dothi. Thirirani thumba lonse linyowe, lisiyeni masiku awiri dothi likhazikike, kenako wokerani madzulo. M'mbali ine ndimaika repu ndi mpiru, pamwamba anyezi wamasamba ndi bonongwe. Tomato ndi maungu musiyeni kaye ngati madzi ndi ovuta, zimamwa kwambiri. Mbande mutha kufesa nokha m'beseni lobooka, pakatha masabata atatu kapena anayi zili ndi masamba anayi mwawokera. Mbewu ya m'paketi onani deti lake, ndipo mapaketi ofuwirira omwe amayalidwa padzuwa pamsika aja asiyeni ngakhale atchipe bwanji, zambiri sizimera.

Tsopano nkhani ya madzi, pomwe ine ndinalakwitsa, ndipo ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe anthu ambiri a m'tauni tidzagwere.

Thumba limodzi limafuna malita 4 kapena 5 patsiku nyengo yotentha, ndiye masaka anayi ndi chigubu chathunthu cha malita 20 tsiku lililonse. Ulendo wanga woyamba mbande zinagwira bwinobwino, zobiriwira, kenako mpopi unauma masiku angapo, madzi ogula ndinaona kuti sangakwane kumwa, kuphika ndi kuthirira. Ndiye ndinayamba kuthira madzi ochapira zovala, oyambirira aja a thovu la sopo waufa, beseni lonse m'masaka, poti ndinamva anthu akuti madzi ogwiritsa kale ntchito amathirira mbewu. Sabata yoyamba palibe chomwe chinaoneka. Sabata yachiwiri masamba a m'munsi anayamba chikasu, m'mphepete mwake mukuuma ngati mwawauka ndi moto, ndipo mbewu zimafota masana pomwe dothi lili lonyowa. Ine poona kufotako ndinaganiza ludzu, ndinawonjezera madzi omwewo. Chomwe chinanditsegula maso ndi zoyera zoyera ngati mchere zomwe zinayamba kuoneka pamwamba pa dothi ndi kuzungulira mabowo, komanso madzi anasiya kulowa, amangoima pamwamba dothi litaumbika gwa.

Chimachitika ndi ichi. Sopo waufa ali ndi mchere wambiri wa soda. Pamunda wapansi mcherewo umabalalika ndipo mvula ikagwa umatsukika, koma m'thumba dothi ndi lochepa, madzi amauma ndi dzuwa mchere n'kutsala, tsiku lililonse ukuwonjezekera. Ukachuluka mizu imalephera kukoka madzi ngakhale alipo, n'chifukwa chake mbewu imafota dothi lili lonyowa, ndipo soda yemweyo amatseka timipata ta dothi. Ndiye mukaona zinthu zitatuzi pamodzi, kufota dothi lili lonyowa, m'mphepete mwa masamba mowauka, ndi zoyera pamwamba pa dothi, musathamangire kugula mankhwala ophera tizilombo, vuto ndi madzi anu.

Masaka awiri ndinawapulumutsa. Ndinapala dothi lapamwamba loyeralo ngati masentimita atatu n'kutaya, ndinathira madzi oyera ambiri pang'onopang'ono mpaka akutuluka pansi, chigubu chathunthu pa thumba limodzi, ndinabwereza patapita masiku atatu, kenako ndinaikapo manyowa owolerana pamwamba ndi kuthothola masamba owauka onse. Patatha masabata awiri timasamba tatsopano tinatuluka tabwinobwino. Awiri enawo anali atapitirira, ndinakhuthula dothi lonse n'kuyambiranso. Zinandiwawa kwambiri chifukwa madzi omwe ndinagula potsuka dothi anaposa omwe ndimaganiza kuti ndikupulumutsa.

Panopa pakhomo pali ndowa imodzi ya dimba yokha ndipo ana akudziwa cholowa mmenemo. Madzi otsukira mpunga, otsukira masamba, tomato ndi mbatata, otsala m'ketulo akazizira, osamba m'manja pakudya ngati mulibe mafuta ambiri, ndi otsukuluza zovala komaliza penipeni pomwe thovu latha. Mukasonkhanitsa bwino mudzadabwa, pabanja la anthu asanu ndowa imayandikira kudzadza. Osalowamo ndi awa: ochapira oyamba a sopo waufa, alionse omwe muli mankhwala oyeretsera zovala, ochapira matewera, otsukira nyama kapena nsomba, otsukira mapoto a mafuta, ndi owiritsira chinthu chomwe munathira mchere. A matewera ndi a nyamawo nkhani yake si ya mbewu yokha, ndi matenda, masambawa mudya ndinu ndi ana anu. Madzi a m'ndowayo agwiritseni ntchito tsiku lomwelo, akagona masiku awiri amanunkha ndipo amaitana udzudzu. Thirani pamiyala paja, osati pamasamba, ndipo kamodzi pa sabata thirani madzi oyera okhaokha okwanira mpaka adonthe pansi kuti kamchere kalikonse katuluke.

Kuthirira ndi m'mawa kwambiri kapena dzuwa litapendeka. Musanathire lowetsani chala m'bowo limodzi la pakati, ngati muli chinyezi dikirani, mu Juni ndi Julayi nthawi zambiri mutha kudumphitsa tsiku. Pamwamba pa thumba phimbirani ndi udzu wouma kapena makoko a mtedza, zimasunga chinyezi kwambiri. Ena amakwirira botolo la malita awiri loboola timabowo akamachoka pakhomo, zimathandiza tsiku limodzi kapena awiri basi.

Nsabwe za m'masamba zibwera ndithu makamaka kukatentha, muzitembenuza masamba kawiri pa sabata, mukaziona zifinyeni ndi zala zisanachuluke, zikakula sinjani masamba a nimu muviike usiku wonse musefe muwaze madzulo. Nkhuku za aneba tchingirani ndi neti yakale yong'ambika. Pakatha masabata atatu kapena anayi chiwokereni yambani kuthyola masamba akunja akuluakulu, musiye atatu kapena anayi apakati kuti mbewu ipitirize. Masabata awiri alionse dzanja limodzi la manyowa pamwamba. Mpiru ukayamba maluwa zulani, khuthulani dothi musakanize ndi manyowa atsopano, ndipo onaninso thumba ngati lingapirire ulendo wina chifukwa la padzuwa kawirikawiri silidutsa chaka.