Momwe mungalembere ntchito ya kusukulu ya unamwino yokhudza miyambo ndi chipatala: chitsanzo cha tsempho

Ophunzira unamwino kuno ku Tete amapatsidwa funso ili kawirikawiri: fotokozani momwe zikhulupiriro za makolo zimakhudzira kufunafuna chithandizo, ndi momwe namwino angayankhire mwaulemu. Ambiri amangondandalika ufiti, mizimu, asing'anga ndi azamba, kenaka n'kumaliza ndi mawu akuti "anthu aphunzitsidwe". Ntchito yotere imandimvetsa chisoni, chifukwa wolembayo anakulira m'mudzi momwemo ndipo akudziwa zambiri kuposa zimene walemba. Njira imene ndikupatseni pano ndi yotenga chikhulupiriro chimodzi n'kuchitsata kuchokera pakhonde la nyumba kufika pabedi la chipatala.

Choyamba, sankhani nthenda imodzi

Tiyeni titenge tsempho, imene ena amati mdulo. Kwa Achewa ndi Angoni a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, komanso abale athu kutsidya kwa malire ku Dedza ndi ku Ntcheu, nkhaniyi ndi yodziwika. Mwana wamng'ono amatengedwa kuti ndi wozizira, pamene munthu amene wakhala malo amodzi ndi mwamuna kapena mkazi ndi wotentha. Bambo akayenda kunjira nthawi imene banja likudika, kapena mayi akathira mchere m'ndiwo pamene mwambo ukumuletsa, akulu amati mwana wasemphedwa. Zizindikiro zake amazitchula bwinobwino: mapazi ndi masaya kutupa, tsitsi kufiira ndi kupepuka, mwana kunyentchera ndi kukana chakudya.

Namwino akamva zizindikiro zimenezi amadziwa kuti ndi kunyentchera koopsa kwa mtundu wotupa, kwashiokola. Apa ndiye pali mutu wa ntchito yanu: agogo ndi namwino akuona mwana mmodzi yemweyo, ndipo onse aona molondola kuti akudwala kwambiri. Asiyana pa chimene chayambitsa, choncho asiyananso pa khomo loyamba kugogoda.

Chachiwiri, kamvereni kwa eni ake

Musalembe za tsempho kuchokera m'mutu mokha. Pemphani chilolezo kwa aphunzitsi anu, ndipo ngati mukulowa m'mudzi yambirani kwa amfumu. Chezani ndi anthu atatu kapena anayi okha: agogo aakazi mmodzi, mayi woyamwitsa, wothandiza zaumoyo wa m'mudzi uja timati APE, ndi sing'anga ngati avomera. Auzeni kuti ndi za kusukulu, kuti maina awo salembedwa, ndipo kuti ali ndi ufulu wokana. M'ntchito yanu muzingoti "agogo a zaka za m'ma 60", osatchula mudzi ngati uli waung'ono.

Kafunsidwe ndiye kamaphetsa ambiri. Mukati "Kodi inu mumakhulupirira za tsempho?" muli mu yunifolomu yoyera, agogo angoseka n'kunena kuti zimenezo n'zakale. Funsani motere: "Agogo, mwana akatupa mapazi, kuno mumati chiyani? Chimayambitsa n'chiyani? Amayamba kuuzidwa ndani? Mankhwala ake amakhala otani? Nanga akapanda kuchira?" Mafunso a mtundu umenewu anawatchukitsa ndi dokotala Arthur Kleinman, ndipo mukhoza kumutchula m'ntchito yanu. Lembani mayankho m'mawu awo enieni a Chichewa. Ngakhale ntchito yonse ikhale ya m'Chipwitikizi, mawu akuti tsempho asiyeni momwemo n'kuwamasulira pambali, chifukwa mukangoti "ufiti" mwasokoneza zinthu ziwiri zosiyana. Ufiti umaloza munthu wochita zoipa mwadala, pamene tsempho imaloza kuphwanya mwambo mkati mwa banja, ndipo n'chifukwa chake imabwera ndi manyazi.

Chachitatu, tsatani masiku

Gawo ili ndilo mtima wa ntchito, choncho lipatseni malo okwanira. Nachi chitsanzo chongopeka chimene mungatengerepo kalembedwe.

Mwana wa miyezi 18 wasiyitsidwa bere mwadzidzidzi chifukwa mayi ake aima, ndipo akulu akuti mkaka wa mayi woyembekezera ndi woipa. Ndi mu Januwale, nkhokwe yatsala pansi, mwana akungodya phala lamadzimadzi lopanda nsinjiro. Watsekula m'mimba kwa sabata yathunthu. Tsiku loyamba mayi aona mapazi atupa, koma akhala chete masiku awiri, poopa kuti akanena afunsidwa kuti wasempha mwana ndani. Tsiku lachitatu agogo aona okha. Tsiku lachinayi ndi lachisanu banja likukambirana, bambo akufunsidwa ndipo akukana. Tsiku lachisanu ndi chimodzi apita kwa sing'anga, mwana wamwetsedwa mankhwala a mizu, watemedwa mphini ndipo wavekedwa kachingwe m'chiuno. Adikira masiku anayi kuti aone. Tsiku la 11 mwana wasiyiratu kudya, khungu la m'ntchafu layamba kusupuka. Ndalama ya njinga yamoto yopitira kuchipatala ipezeka tsiku la 12.

Tsopano gawani masiku amenewa. Ofufuza awiri, Thaddeus ndi Maine, m'chaka cha 1994 anafotokoza za kuchedwa kutatu: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa kufika, ndi kuchedwa kuthandizidwa utafika kale. Iwo ankanena za imfa za amayi oyembekezera, koma muyeso wake umagwiranso ntchito pano, bola munene zimenezo poyera. M'chitsanzo chathu masiku khumi apita pa kuchedwa koyamba, ndipo mwa khumiwo asanu atha banja lisanaone n'komwe sing'anga. Anadya nthawi ndi mantha a mayi ndi mlandu wa m'banja. Wophunzira amene waona zimenezi salembanso kuti vuto ndi sing'anga basi.

Musaiwale kulemba amene ali ndi mawu omaliza. M'mabanja ena ndi malume a mayi, mwini mbumba, m'mabanja ena ndi bambo kapena apongozi. Musangoganiza, funsani. Ndipo kuchedwa kwachitatu musakubise pofuna kuteteza gulu lathu la anamwino: mayi amene anakalipiridwa pa sikelo mwezi watha chifukwa chotumbiza sathamangira kuchipatala mwezi uno.

Chachinayi, ikani za chipatala pambali pake, mwachidule

Ndime imodzi ndi yokwanira. Kutupa kwa kunyentchera kumayezedwa posindikiza zala zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu. Pakatsala kadzenje mbali zonse ziwiri, mwanayo ali pa kunyentchera koopsa ngakhale sikelo ionetse kuti ndi wolemera, chifukwa kulemerako ndi madzi. Kalamba koyezera mkono mwa ana a miyezi 6 mpaka 59 kakaonetsa pansi pa masentimita 11.5, nakonso ndi koopsa. Mwana wa m'chitsanzo chathu, wokana kudya ndi wosupuka khungu, ndi wogonekedwa. Amayamba ndi mkaka wa F-75 pang'onopang'ono usana ndi usiku, amafundidwa kuti asazizidwe, amapatsidwa mankhwala opha tizilombo, ndipo chiponde cha kuchipatala chimabwera pambuyo, akayamba kufuna chakudya. Chimene chimapha ana otere msanga ndi kutsika kwa shuga m'magazi, kuzizidwa ndi matenda olowa m'thupi lofooka.

Ngati malo alipo, onjezani ichi: dzina loti kwashiokola linachokera m'chiyankhulo cha anthu a mtundu wa Ga ku Ghana, kumene dokotala Cicely Williams anailemba nthendayi m'zaka za m'ma 1930, ndipo limanena za matenda a mwana amene wachotsedwa kubere chifukwa cha mng'ono wake. Makolo athu nawonso anaona zomwezo pamene ankadzudzula kutumbiza.

Chachisanu, gawani zochita za banja patatu

Madeleine Leininger, namwino amene analemba zambiri za chisamaliro ndi chikhalidwe, anaphunzitsa kuti zina timazisunga, zina timakambirana, zina timathandiza banja kuzisintha. Kachingwe ka m'chiuno kasiyeni, kungoonetsetsa kuti sikakuthina pamene mwana watupa. Mwambo wokonza mlandu wa m'banja ndi wokambirana: akulu akhoza kuchita kumudzi mwana ali m'chipatala, kapena atatuluka. Zofunika kusintha ndi ziwiri. Mankhwala akumwa osadziwika muyeso, makamaka otsekula m'mimba, amafoola mwana amene chiwindi chake ndi chofooka kale. Mphini pa khungu lotupa zimachedwa kupola ndipo zimalowetsa tizilombo, komanso lezala logwiritsidwa ntchito pa anthu angapo likhoza kufalitsa HIV ndi matenda a chiwindi. Pa chilichonse lembani chifukwa chake. Wopereka malikisi amafuna chifukwacho.

Chachisanu ndi chimodzi, lembani mawu enieni a namwino

Mawu akuti "namwino alemekeze chikhalidwe" salemera kanthu mpaka muonetse chimene chikutuluka pakamwa pake. Lembani kukambirana kwakufupi, mongoyerekeza.

"Agogo, mwachita bwino kubwera naye. Kunyumba mukuti chavuta n'chiyani?"

"Mwana wanga, ameneyu anamusempha."

"Ndamva, agogo. Za kunyumbazo akulu ndinu, ine sindingaweruze. Koma taonani apa." Namwino asindikiza phazi, kadzenje katsala. "Madzi awa akusonyeza kuti thupi lake latheratu mphamvu, ndipo usiku uno ndi woopsa. Ndikupempha agone kuno. Wamwa mankhwala anji, ndipo komaliza liti? Sindikufunsa kuti ndikukalipireni, ndikufuna ndidziwe pomuyambira."

Onani kuti namwinoyu sananame kuti akukhulupirira tsempho, ndipo sananene kuti kulibe. Sanafunse za kuchipinda pagulu. Mayi wa mwana amulankhule payekha, chifukwa mlandu wa tsempho nthawi zina umagwera mkazi, ndipo pakhoza kukhala nkhanza zimene sanganene apongozi ali pomwepo. Banja likaumirira kutuluka ndi mwana kuti akamalize mwambo, namwino asangosayinitsa pepala. Aitane wamkulu wake, afotokoze kuopsa kwake momveka, afunse ngati mwambowo ungachitike ndi makolo okha, ndipo zikakanika adziwitse APE wa kuderako kuti akamuone mwanayo. Ulemu uli ndi malire pamene moyo wa mwana uli pachiswe, ndipo ntchito yanu inene zimenezo.

Za asing'anga lembani mokhulupirika. Dziko la Mozambique litalandira ufulu mu 1975 boma linkaona ntchito yawo ngati yobwezera anthu m'mbuyo, koma pambuyo pake zinasintha, ndipo lero kuli bungwe lawo la AMETRAMO limene a zaumoyo amagwira nalo ntchito. Choncho lingaliro loti chipatala chaching'ono chiphunzitse asing'anga a m'dera kusindikiza phazi kwa masekondi atatu ndi kutumiza mwana tsiku lomwelo ndi lotheka, ndipo likhoza kukhala chimodzi mwa zimene mukupempha kumapeto kwa ntchito.

Musanapereke, werenganinso n'kufufuta mawu monga "umbuli" ndi "anthu osaphunzira". Kenaka muwerengereni mmodzi mwa amene munacheza nawo gawo la masiku lija m'Chichewa. Akakuuzani kuti "ayi, sitiyamba choncho, timayamba tauza ankhoswe", bwererani mukakonze tsiku limenelo.