Momwe mungaonetsere mawu a Chingerezi pamwamba pa siteji sewero la Chichewa likamachitika

Alendo amene amafika kuno ku Dedza kudzaona zojambula za pamiyala ku Chongoni, kapena otsikira ku Mua kukaona za chikhalidwe ku Kungoni, nthawi zina amapezeka m'holo momwe gulu la zisudzo likuonetsa sewero. Holo yonse ikamafa ndi phwete iwo amangomwetulira mwaulemu, osadziwa chomwe chaseketsa anthu. Ena amawaikira womasulira pambali woti aziwanong'oneza, koma zimenezi zimasokoneza oyandikana nawo, ndipo womasulirayo amatsalira m'mbuyo. Njira yabwino ndi kuonetsa mawu a Chingerezi pa thabwa lopachikidwa pamwamba pa siteji, pogwiritsa ntchito laputopu ndi pulojekita. Njirayi inayambira ku Toronto m'dziko la Canada mu 1983, pa masewero oyimba, ndipo zida zake zonse zimapezeka ngakhale pa boma pano.

Zidazo si zovuta. Chovuta ndi chakuti azisudzo athu amakonda kupeka mawu ali pa siteji, pomwe silaidi, tsamba la mawu loonetsedwa pa thabwalo, siipeka kanthu. Ntchito yonse yagona pamenepo.

Yambani ndi kumanga mawu a sewero

Musayambe kumasulira kuchokera pa pepala limene wolemba sewero anabweretsa tsiku loyamba. Pofika sabata yachitatu ya kukonzekera, zimene zikuyankhulidwa pa siteji zimakhala zitasiyana nalo kutali. Jambulani sewero lonse pa foni tsiku limene alithamanga kuyambira koyamba mpaka kumapeto, kenaka lembani zimene akunenadi. Pepala limenelo ndilo mupite nalo kwa wotsogolera sewero kuti mugwirizane: apa mawu sasinthanso, apa wosewera ali ndi ufulu wocheza ndi oonerera.

Ufuluwo musawalande, chifukwa ndiwo mchere wa zisudzo zathu. Chimene mupemphe ndi chimodzi chokha: wosewera akasochera dala, azibwerera pa mawu amene mwagwirizana. Ngati woledzera wa m'sewero amatsika kukaseka ndi anthu a mpando wakutsogolo, atha kuchita zimenezo mmene angafunire, bola pomaliza anene kuti "Basi, ndikagone," ndiye woonetsa mawu adziwa kuti abwerera mumsewu.

Kumasulira kwake ndi kudula

Munthu amawerenga pang'onopang'ono kuposa mmene wosewera amayankhulira, komanso mlendo akufuna kuona nkhope za osewera, osati kukhalira kuyang'ana kudenga. Choncho silaidi iliyonse isapitirire mizere iwiri, ndipo mzere uliwonse usapitirire zilembo 40, kuwerengera ndi mipata yomwe. Powerengera nthawi, ganizirani kuti munthu amawerenga zilembo pafupifupi 15 pa sekondi. Alendo ambiri Chingerezi si chiyankhulo chawo chobadwa nacho, ena ndi a ku Germany, ena a ku Mozambique, ndiye sankhani mawu osavuta.

Tiyeni titenge gawo limodzi. Nambewe wadzadandaula kwa ankhoswe, mwamuna wake Jailosi ali chete pa mpando. Nambewe akuti: "Malume, ine ndatopa, ndatopa ndithu. Bambo awa chigulitsireni kachewere, ndikunena matumba onse aja, pakhomo sanagulepo ngakhale mchere. Koma ku Lizulu tsiku la msika, aaa, sajomba." Wosewera amatenga masekondi 10 kapena 12 kunena zimenezi. Mukamasulira liwu lililonse mudzaza thabwa. Dulani "ndatopa" wachiwiri, dulani matumba, popeza mlendo akuona kale kutopako pa nkhope. Zotsalazo zigaweni pa masilaidi atatu.

```
Uncle, I am tired.

Since he sold the potatoes
he has not even bought salt.

But he never misses market day.
```

Silaidi yachiwiri ili ndi zilembo 54, kotero ikufuna masekondi pafupifupi anayi. Dzina la Lizulu lachoka. Kwa ife dzinalo likuseketsa palokha chifukwa timaudziwa msikawo, koma kwa mlendo ndi liwu lina lomupunthwitsa.

Chifukwa chimene mzere womaliza uli pawokha ndicho chofunika koposa. Nthabwala yagona pa "sajomba". Mukaika mzerewo pamodzi ndi wa mchere, alendo awerenga msanga n'kuseka Nambewe asanafike, ndipo wosewerayo amva kuseka kwa pakona imodzi pa nthawi yolakwika, n'kusokonezeka. Mawu alionse odzidzimutsa, yankho la funso, dzina la wakuba, chinsinsi cha mimba, zikhale pa silaidi yakeyake.

Miyambi imafuna kuiganizira umodziumodzi. Ankhoswe akayankha kuti "Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima," chithunzi chake chimamveka kulikonse, ndiye chisungeni:

```
Marry into the house of lightning,
and you cannot fear the flash.
```

Koma mwambi umene chithunzi chake chikufuna kufotokozera, perekani tanthauzo lokha mwachidule. Mawu ngati ankhoswe, chikamwini ndi apongozi, amene sewero lonse latsamira pa iwo, afotokozeni pa kapepala kopereka pakhomo kapena pa silaidi imodzi sewero lisanayambe. Thabwa si malo ophunzitsira. Nyimbo zobwerezabwereza onetsani mawu ake kamodzi, kenaka thabwa lide, anthu aonere gule.

Kukonza masilaidi

Pulogalamu ya PowerPoint ikwanira, ndipo LibreOffice Impress, yomwe ndi yaulere, imagwira chimodzimodzi. Kumbuyo kukhale kwakuda bii, zilembo zoyera, za mtundu wosakongoletsa ngati Arial. Mawu akhale kumtunda kwa silaidi, pa malo amodzimodzi nthawi zonse. Musaike zoti silaidi izilowa mozungulira kapena mouluka. Paliponse pamene pa siteji pali chete, kapena pamene mwasiyira wosewera ufulu uja, ikani silaidi yakuda yopanda kanthu. Mawu akale akakhalitsa pa thabwa, mlendo amaganiza kuti akunenedwabe.

Musadabwe ndi kuchuluka kwake. Ngati silaidi ikusintha pa masekondi asanu ndi limodzi alionse, sewero la mphindi 50 lifuna masilaidi 500. Lembani nambala ya silaidi iliyonse m'mphepete mwa pepala la Chichewa lija, pa liwu lenileni limene mudzadinire batani, ndipo nambala zoyambira gawo lililonse muzilembe zikuluzikulu.

Thabwa ndi kuwala

Pulayiwudi yopaka penti yoyera yosanyezimira, yotalika mamita awiri ndi theka kapena atatu ndi kutambalala masentimita 60, imakwana. Nsalu imagwiranso ntchito, koma imangeni mokoka ndithu, chifukwa mphepo ya ku Dedza ikalowa pa zenera mawu amavina. Pachikani thabwalo pamwamba pang'ono pa mutu wa wosewera wamtali kwambiri ataimika mkono, osati kudenga kwenikweni.

Kukula kwa zilembo kumatengera kutalika kwa holo. Gawani mtunda wochokera pa thabwa kufika pa mpando womaliza ndi 200. Ngati ndi mamita 20, chilembo chikhale chosachepera masentimita 10 pa thabwapo. Musakhulupirire nambala yokha, pitani kumbuyo mukawerenge nokha, ndipo tengani munthu wachikulire awerengenso.

Pulojekita ikhale pamwamba, pa shelefu kapena pa tebulo losanjikiza, kuti anthu odutsa asatchinge. Ngakhale silaidi ikhale yakuda, pulojekita imatulutsabe kuwala kotuwa komwe kumagwera pa nkhope za osewera. Imikani katoni patsogolo pa diso lake, motalikirako pang'ono, kuti itchinge kumunsi n'kusiya kampata kolunjika pa thabwa. Katoniyo isakhudze galasi ndipo isatseke potulukira mpweya wotentha. Magetsi a pa siteji asalunjike pa thabwa. Ngati sewero ndi la masana, mazenera oyandikira siteji atchingeni ndi mabulangete, apo ayi zilembo zizimiririka. Alendo akhazikeni pakati pa holo. Mipando yakutsogolo, imene mwamwambo timapatsa alendo, ndiyo yoipitsitsa pa nkhaniyi, chifukwa khosi limapweteka ndi kuyang'ana mmwamba.

Wodina batani

Munthu uyu ndi wosewera mnzawo, kungoti saoneka. Akhale womva bwino Chichewa ndi Chingerezi, wolidziwa sewero pamtima, ndipo akhalepo pa kuyeserera kwathunthu kosachepera katatu. Akhale pamalo poti akuona milomo ya osewera ndi thabwa nthawi imodzi, ali ndi katochi koonera pepala. Mu PowerPoint atsegule Presenter View kuti aziona silaidi yotsatira isanatuluke. Lamulo lake ndi lakuti adine wosewera atangotula liwu loyamba, osati asanatsegule pakamwa.

Mabatani awiri ndiwo amapulumutsa. Batani la B limadetsa thabwa nthawi yomweyo, ndipo mukalidinanso mawu amabwerera. Kulemba nambala ya silaidi n'kudina Enter kumakufikitsani pomwepo popanda kudutsa pa ena. Ine ndinaphunzira zimenezi movutika. Usiku wina wosewera wathu anaiwala, nadumpha tsamba lathunthu, ndipo ine mwamantha ndinayamba kudina msangamsanga kuti ndimupeze. Masilaidi 14 anathamanga pa thabwa ngati mphenzi, ndipo pakati pawo panali pomwe pamaululika kuti ndalama za kachewere anabisa ndi apongozi. Alendo anadziwa mathero a sewero kutatsala mphindi 20. Ndikanadina B, n'kuyang'ana pa pepala, n'kulemba nambala, sakanaona chilichonse koma thabwa lakuda kwa masekondi asanu.

Mudzadziwa kuti zikuyenda poyang'ana mitu ya alendo. Ikamakwera kamphindi n'kubwerera pa siteji, ndiye kuti zili bwino. Ikakhalira kumwamba, mawu achuluka, kaduleninso. Akamaseka mochedwa kuposa holo yonse, wodina akuchedwa. Akamatsogola, mwaphatikiza nthabwala ndi mzere umene umanenedwa nthabwalayo isanafike.

Magetsi akazima laputopu imapitiriza ndi batire, koma pulojekita imazima, ndipo yokhala ndi babu imatenga kanthawi kuti iyakenso. Ngati muli ndi jenereta, yambani nayo sewero kuchokera pachiyambi, ndipo muiike kutali ndi khoma kuti phokoso lisamize mawu. Pulojekita ikhale pa chingwe chakechake, osati chimodzi ndi zokuzira mawu. Sindikizaninso tsamba limodzi lofotokoza mwachidule gawo lililonse m'Chingerezi, mulipereke kwa alendo polowa. Kuwonjezera apo, sungani masilaidi pa fulashi, chifukwa laputopu yobwereka mwini wake atha kuifuna madzulo omwewo.